Kodi Mumadziwa? Phindu la kampani yobetchetsa limabisala m'maodzi

Tikiti yobetchera mpira imene mwadula pa foni muli pa Njewa ili kale ndi phindu la kampani, mpira usanayambe n'komwe.

Tiyerekeze kuti Silver Strikers ikukumana ndi Mighty Wanderers, ndipo maodzi ali motere: Silver kupambana 2.00, kufanana mphamvu 3.20, Wanderers kupambana 3.60. Gawani 100 ndi odzi iliyonse. Mupeza 50, 31.25 ndi 27.78. Poti chimodzi mwa zitatuzi chiyenera kuchitika basi, zonse pamodzi zikanakwana 100, koma zikukwana 109.03. Zapamwambazo, 9.03, ndiye phindu lobisikalo: ndalama zikabetchedwa molingana ndi manambalawa, kampani imatsala ndi pafupifupi K83 pa K1,000 iliyonse, apambane ndani.

Kulichotsa n'kosavuta. Chulukitsani odzi iliyonse ndi 1.0903, mupeza 2.18, 3.49 ndi 3.93. Ndiye kuti mwayi wa Silver ndi 45.9 pa 100, osati 50.

Njirayi imagawa phindulo mofanana, pamene makampani amakonda kusenzetsa lochuluka pa timu yofooka ya odzi yaikulu. Ndipo mukasanja masewera 5 otere pa tikiti imodzi, gawo la kampani limafika pafupifupi K351 pa K1,000.