Ngolo ziwiri ndi matumba angati?

Funsani mlimi wa ku Mchinji kuti, "Chaka chino mwakolola chimanga chochuluka bwanji?" Adzakuyankhani osaphethira n'komwe: "Ngolo ziwiri." Woyandikana naye adzati matumba khumi. Agogo a kuseri kwa tchalitchi adzaloza nkhokwe n'kunena kuti, "Siinadzadze, mwanawe." Onsewa anena zoona. Koma wochita kafukufuku akabwerera ku ofesi ndi mapepala 400 a mayankho otere, mutu umaima, chifukwa kompyuta siingaphatikize ngolo, matumba ndi nkhokwe yosadzadza.

Vutolo linayambira patebulo, tsiku lolemba funso. Mayankho onse a kafukufuku amakathera mu ndandanda imodzi: banja lililonse limakhala ndi mzere wake, funso lililonse danga lake, ndipo m'danga limodzi muyenera kulowa chinthu chimodzi basi. Wolemba mafunso wodziwa ntchito amayamba wajambula ndandandayo yopanda kanthu, kenako n'kulemba mafunso oti aidzadzitse.

Choncho funso la chimanga lija aliphwanya patatu. Danga loyamba ndi la nambala yokha, monga 2 kapena 10. Lachiwiri ndi la muyeso, ndipo muyeso uliwonse umapatsidwiratu nambala yake, yomwe amaitcha khodi: 1 ndi kilogalamu, 2 ndi thumba la makilogalamu 50, 3 ndi thumba la makilogalamu 90, 4 ndi ndowa, 5 ndi ngolo. Lachitatu limafunsa ngati chimangacho chinali chotonola kapena chapachitsononkho. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa ngolo nthawi zambiri imabwera kuchokera kumunda ndi chimanga chosatonola, ndipo mbali ina ya kulemera kwake ndi zitsononkho. Mlimi uja sakakamizidwa kuwerengera makilogalamu m'mutu. Iye anene ngolo zakezo, wofunsa alembe 2, kenako 5, kenako khodi ya chosatonola. Kusandutsa zonsezi kukhala makilogalamu ndi ntchito ya ku ofesi. Umu ndi momwe ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba imachitira pa kafukufuku wake wamkulu wa moyo wa mabanja: imalola miyeso yakumudzi, ndipo imakhala ndi ndandanda yosonyeza kulemera kwa muyeso uliwonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi danga losiyidwa lopanda kanthu. Kodi banjalo silinalime chimanga? Linalima koma ng'amba inapsereza chonse? Mwini munda anali ku msika ndipo mwana amene anayankha samadziwa? Kapena wofunsa analumpha funsolo pothamangira mvula? Zinthu zinayi zosiyana, koma papepala zimaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake pamayamba funso losefa lakuti, "Kodi munalima chimanga?" Woyankha kuti ayi amalumphitsidwa mafunso a zokolola. Amene analima osapeza kanthu amalembedwa 0. Amene sakudziwa ali ndi khodi yakeyake.

Khodi ya "sindikudziwa" nayo imaluma mwini wake. Ambiri anazolowera kulemba 99. Tiyerekeze mabanja asanu: atatu anakolola matumba 10, 8 ndi 12, lachinayi 0, lachisanu silikudziwa ndipo lalembedwa 99. Kompyuta ikapanda kuuzidwa, iphatikiza zonse n'kupeza 129, igawa pasanu, n'kulengeza kuti banja lililonse linakolola matumba pafupifupi 26. Mudzi wanjala wasanduka wa mwanaalirenji! Mukachotsa 99 uja, matumba 30 ogawidwa kwa mabanja anayi ndi 7 ndi theka. Wina akataya 0 pomuyesa danga lopanda kanthu, apeza 10. Ndiye poti alipo alimi okololadi matumba 99, pa funso lotere ndi bwino kusankha khodi yosatheka, monga -99, pakuti palibe amakolola matumba ochepera 0.

Masiku ano ambiri amafunsira pa foni kapena tabuleti ndi mapulogalamu monga ODK ndi KoboToolbox, ndipo lamuloli amalilemba m'fomu momwemo:

```
. >= 0 or . = -99
```

Wofunsa akalemba -10 mwangozi, foni imakana ali pakhonde pomwepo. Koma foni siingadziwe muyeso umene wolemba mafunso anauiwala.

Umenewo umagwidwa poyesa mafunso kwa anthu ochepa, mwina makumi awiri kapena atatu, kafukufuku weniweni asanayambe. Pansi pa mndandanda wa miyeso pamakhala khodi ya "zina", ndi malo olembapo mawu a woyankhayo. Mukaona kuti pa mapepala makumi atatu, asanu ndi atatu agwera pa "zina" ndipo onse alemba "dengu", dengulo lipatseni khodi 6 usiku womwewo, ndipo wina apite ndi sikelo akayeze madengu angapo a m'deralo, aakulu ndi aang'ono omwe.