Sikani ya Mutu Yatuluka Bwino: N'chifukwa Chiyani Mukuuzidwa Kumuyang'anirabe Wodwala?

Amayi, ambiri mwa inu mumaidziwa sikani ya amayi oyembekezera, ija amapaka mafuta pamimba n'kuona mwana. Sikani ya mutu ndi ina. M'buku la kuchipatala amailemba kuti CT, ndipo timaitchula kuti si-ti. Munthu akavulala m'mutu n'kujambulidwa, achibale amadikira mawu amodzi okha, akuti "mulibe kanthu". Akawamva mitima imakhala pansi, ndipo n'zomveka. Koma dokotala yemweyo amawonjezera kuti, "Mukamuyang'anire, akasintha mubwere naye msanga." Ambiri sawamvanso mawu achiwiriwa, chonsecho ndi amene amapulumutsa moyo.

Kuno ku Phalombe nkhaniyi si yachilendo. Timakwera njinga zamoto za kabaza popita ku Migowi kapena ku Chiringa, kawirikawiri opanda chipewa choteteza mutu. Ana amagwa m'mitengo ya mango. Ndipo tonse tikukumbukira Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa makoma a nyumba ndi kugubuduza miyala kuchokera m'mapiri. Wovulala m'mutu amayamba waonedwa pachipatala chapafupi, monga cha Holy Family kapena chaboma, ndipo ngati pakufunika sikani ya CT amatumizidwa kuchipatala chachikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Zimene makinawa amaona

Makina a CT amagwiritsa ntchito kuwala komwe kuja kwa ekisire. Wodwala amagona chagada pakabedi kamene kamalowa m'chibowo chozungulira, ndipo makinawo amajambula mutu kuchokera mbali zonse. Sizipweteka, ndipo zimatha m'mphindi zochepa. Ekisire wamba amaonetsa fupa lokha, pamene CT imaonetsa mutu m'magawomagawo, monga momwe mumadulira buledi n'kuyang'ana chidutswa chilichonse pachokha.

Pachithunzipo fupa la chigaza limaoneka loyera mbee, mpweya umaoneka wakuda, ndipo ubongo umaoneka wotuwa ngati phulusa. Magazi amene angotuluka kumene n'kuundana amaoneka oyererapo kuposa ubongo, n'chifukwa chake dokotala amawaona msanga.

Chigaza chili ngati mphika wotsekedwa umene ubongo wadzaza kale. Magazi akatuluka mwendo umangotupa, koma m'mutu mulibe malo otupira. Magazi aliwonse owonjezera amapanikiza ubongo. Choncho dokotala amayang'ana ngati fupa lasweka, ngati muli magazi, ndiponso ngati ubongo wakankhidwa.

Kaonekedwe ka magaziwo kamanena kumene achokera. Akaoneka otukuka pakati ngati nthangala ya mango, omatirira kufupa, kawirikawiri ndiye kuti waduka mtsempha wothamanga magazi umene umadutsa pansi pa fupa lopyapyala la pakati pa diso ndi khutu. Amenewa amachuluka m'maola ochepa. Akaoneka opyapyala ndi okhota ngati mwezi wongokhala kumene, ndiye kuti yaduka mitsempha ing'onoing'ono ya pamwamba pa ubongo, imene imatha kukha magazi mofulumira kapena pang'onopang'ono. Pomaliza, ubongo uli ndi mzere wapakati wogawa mbali yakumanja ndi yakumanzere. Dokotala amayeza ngati mzerewo wasuntha. Ukasuntha kupitirira mamilimita 5, madokotala a opaleshoni amayamba kuganizira zotsegula mutu.

Zimene sikani siingakuuzeni

Sikani ndi chithunzi cha ola limene anajambula, basi. Mukajambula mtsinje wa Phalombe m'mawa uli ndi madzi ochepa, chithunzicho sichinama, koma sichikuuzani zimene mtsinjewo uchite madzulo mvula ikagwa m'phiri la Mulanje. Mtsempha ukhoza kung'ambika pang'ono, magazi n'kukhala asanachuluke mokwanira kuoneka. Mbali ya ubongo imene yagunda fupa ikhozanso kutupa ndi kukha magazi pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, monga momwe chipumi chimatupira mawa lake munthu atagunda chitseko.

Palinso kuvulala kumene CT siionetsa ngakhale mutajambula kawiri. Ubongo ukagwedezeka mwamphamvu, timitsempha take tosaoneka ndi maso timasokonekera. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, amaiwalaiwala, sachedwa kupsa mtima, ndipo kuwala ndi phokoso zimamusowetsa mtendere. Ambiri amachira m'masabata awiri mpaka anayi. Mwana wotere akamalephera kutsatira maphunziro m'kalasi, musamunene kuti ndi waulesi chifukwa choti sikani inali bwino.

Tinene mosabisa kuti anthu ambiri amene sikani yawo yatuluka bwino amachira popanda vuto lina. Amene magazi amayamba mochedwa ndi ochepa. Koma palibe njira yodziwiratu kuti ndi ndani, ndipo pali ena amene chiopsezo chawo n'chachikulu: a zaka zopitirira 65, omwa mowa kwambiri, akhunyu amene amagwa kawirikawiri, ndi omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga wafarini ndi asipirini. Ngati wodwala wanu amamwa mankhwala otere, muuzeni dokotala ngakhale asanafunse.

Chitsanzo chongoyerekeza

Tiyerekeze kuti agogo a zaka 68 agwa panjinga yamoto pochokera kumsika Loweruka m'mawa. Akomoka kanthawi kochepa, kenako asanza kawiri. Chifukwa cha msinkhu wawo, kukomokako ndi kusanzako, atumizidwa ku Blantyre. Si aliyense wogunda mutu amene amafunika sikani, koma zizindikiro izi ndi zina mwa zimene madokotala amatsata posankha woti ajambulidwe. Madzulo sikani yatuluka: fupa silinasweke, magazi mulibe, mzere wapakati uli pamalo pake. M'buku mwawo mwalembedwa GCS 15/15. Uwu ndi muyeso wa momwe munthu akutsegulira maso, kuyankhula ndi kumvera zimene akuuzidwa. Wotsika kwambiri ndi 3, ndipo 15 ndiye kuti ali maso bwinobwino. Agogo abwerera kumudzi, ndipo patatha sabata ayambanso kusesa pakhomo.

Sabata yachinayi mutu wayamba kuwawa tsiku lililonse. Akugona masana, zimene sankachita. Kapu ikuwapulumuka m'dzanja lamanzere, ndipo mwendo wamanzere akuukoka. Tsiku lina akodzedwa, lina aitana mdzukulu ndi dzina la munthu amene anamwalira kalekale. Koma m'mawa wina akudzuka ali bwinoko, akucheza. Pakhomo ena akuti ndi ukalamba, ena akuti ndi sitiroko, ena akunong'ona za kulodzedwa. Za ngozi ija palibe akukumbukira, popeza sikani inali bwino.

Chimene chachitika n'chakuti munthu akamakalamba ubongo umafota pang'ono, n'kusiya mpata pakati pa iwo ndi chigaza. Timitsempha towoloka mpatawo timakokeka ndipo sitichedwa kung'ambika. Magazi anayamba pang'ono kwambiri, ndipo m'masabata otsatira anasungunuka n'kumawonjezekera mpaka kupanikiza ubongo. Sikani yachiwiri ikuonetsa chikwakwa cha magazi kumanja kwa mutu, chochindikala mamilimita 15, choderapo chifukwa ndi magazi akale. Ali kumanja pamene dzanja lofooka ndi lamanzere, chifukwa mbali iliyonse ya ubongo imalamulira mbali ina ya thupi.

Vuto ili lili ndi chithandizo. Madokotala amaboola kabowo kamodzi kapena tiwiri pachigaza n'kutulutsa magaziwo, ndipo odwala ambiri amayamba kusintha m'masiku ochepa. Chimene chimawafikitsa agogowo kuchipatala nthawi isanathe ndi munthu mmodzi amene wakumbukira n'kunena kuti, "Dokotala, mwezi wathawu anagwa n'kugunda mutu."

Masiku awiri oyamba kunyumba

Kwa maola 24 oyamba wodwala asakhale yekha ngakhale pang'ono, ndipo mupitirize kumuyang'anitsitsa mpaka maola 48 atakwana. Womuyang'anira akhale munthu wamkulu womudziwa bwino, chifukwa ndi amene angazindikire kuti "lero sakuyankhula monga mwa masiku onse". Musamukanize kugona, tulo timathandiza. Koma usiku woyamba mudzutseni kangapo, monga momwe dokotala wakuuzirani. Kungotsegula maso sikokwanira. Mufunseni dzina lake, kumene ali, ndiponso kuti inu ndinu ndani. Muuzeni akufinyeni zala ndi manja onse awiri kuti mumve ngati mphamvu zikufanana.

Mutu ukamawawa mupatseni panado. Asamwe asipirini, burufeni kapena dikilofenaki pokhapokha dokotala atalola, chifukwa mankhwalawa amatha kuwonjezera kukha magazi. Asamwe mowa kapena mankhwala ogonetsa, chifukwa amabisa zizindikiro, ndipo simungadziwe ngati ndi kuledzera kapena ndi ubongo. Asayendetse njinga, asakwere mumtengo, ndipo mnyamata asabwerere ku mpira mpaka mutu ndi chizungulire zitatheratu ndipo achipatala avomereza. Kugundanso mutu ubongo usanachire n'koopsa.

Bwererani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngati akuvuta kudzuka, ngati mutu ukuwawirawawira ngakhale wamwa panado, kapena ngati akusanza mobwerezabwereza. Chitaninso chimodzimodzi akayamba kusokonekera, kuyankhula mosamveka, kufooka mbali imodzi, kuyenda mwadzandidzandi, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kugwa ngati wakhunyu. Madzi oyera kapena magazi otuluka m'khutu ndi m'mphuno ndi chizindikiro cha fupa losweka pansi pa chigaza, ndipo musatsekemo thonje. Kadontho kakuda ka pakati pa diso limodzi kakakula kuposa ka diso linalo, ndiye kuti ubongo wapanikizika kwambiri ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Kwa khanda, yang'anani kukana bere, kulira kosatonthozeka ndi liwombo lotukuka mwana ali phee.

Kuchokera kuno kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa maola, kuphatikizapo kudutsa kaye pachipatala chapafupi. Choncho konzani za ulendo wodwala akadali bwino. Musanachoke kuchipatala funsani kuti akasintha mupite naye kuti. Gwirizanani ndi wa galimoto, sungani nambala yake ndi kandalama, ndipo foni ikhale ndi moto. Munthu amene akusinza kapena kufooka musamukweze panjinga yamoto ngati pali njira ina. Podikira galimoto mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe, ndipo musamumwetse kanthu.

Lembani m'buku lake la kuchipatala tsiku ndi ola la ngoziyo, ndipo sungani pepala la zotsatira za sikani, kuti dokotala adzathe kuyerekeza chithunzi choyamba ndi chachiwiri. Mukamayendera okalamba ndi odwala m'mudzi mwanu, mukapeza amene wasintha khalidwe, akugonagona kapena akukoka mwendo, funsani funso limodzi ili: "Kodi m'miyezi itatu yapitayi anagwapo kapena kugunda mutu?" Yankho likakhala loti inde, athandizeni kupita kuchipatala tsiku lomwelo.