Kulowetsa katundu wa malonda pa boda ya Mchinji

Boda ya Mchinji ndi malo a m'malire a Malawi ndi Zambia pomwe anthu ndi katundu amadutsira movomerezeka. Mbali ya Zambia imatchedwa Mwami, ndipo mzinda waukulu woyandikana nayo ndi Chipata. Kumbali ya Malawi, msewu wa M12 umachoka pa bodayi n'kudutsa pa boma la Mchinji mpaka ku Lilongwe. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko amatolera ndi bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA), lomwe linayamba ntchito mu 2000. Kuchuluka kwa msonkhowo kumadalira zinthu zitatu: mtundu wa katundu, mtengo wake ndi dziko lomwe anapangidwira.

Kayendedwe ka pa boda

Kale woyenda ankaima kawiri, potuluka m'dziko lina ndi polowa m'dziko linalo. Mu Disembala 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegulira boda yoima kamodzi. Tsopano wochokera ku Chipata amaima mbali ya Malawi, komwe maofesala a mayiko onse awiri amamuthandiza pamalo amodzi. Izi zinachepetsa maulendo a m'maofesi, koma malamulo a msonkho a dziko lililonse sanasinthe.

Njira ya amalonda ang'onoang'ono

Malawi ndi Zambia ndi mamembala a COMESA, ndipo kuyambira mu 2000 katundu wopangidwa m'dziko limodzi amatha kulowa m'dziko linalo popanda msonkho wa kasitomu, womwe ambiri amati dyute. Vuto linali lakuti mayi wogula makatoni ochepa sakanatha kupita ku likulu kukatenga satifiketi yosonyeza komwe katunduyo anapangidwira. N'chifukwa chake mu 2010 mayiko awiriwa anayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yophweka ya COMESA, yodziwika ndi chidule chakuti STR.

Kuti katundu adutse mwa njirayi, ayenera kukhala pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko loyandikanalo, ndipo mtengo wake usapitirire malire omwe anaikidwa pa ulendo umodzi. Wamalonda amadzaza chikalata chachifupi pa boda pomwepo ndipo safunikira ejenti. Pali ofesala wa desiki ya uthenga wa zamalonda yemwe ntchito yake ndi kuthandiza anthu otere kudzaza mapepala. Ndondomekoyi imangochotsa dyute basi. Msonkho wa VAT, wa ekisaizi ngati katunduyo ali nawo, komanso zilolezo za mbewu ndi ziweto zimafunikabe.

Ntchito ya ejenti

Katundu wochuluka kapena wosapezeka pa mndandanda uja amadutsa njira yonse ya kasitomu, ndipo apa ndi pomwe pamabwera ejenti. Ejenti ndi kampani kapena munthu wokhala ndi laisensi ya MRA yomulola kukiliya katundu m'malo mwa mwini wake. Mwini katundu amam'patsa invoisi, mapepala a mayendedwe a katunduyo, nambala yake ya msonkho, zilolezo ngati zikufunika, ndi satifiketi ya komwe katundu anapangidwira.

Ejenti amayamba ndi kupeza nambala ya katunduyo m'buku la misonkho. Buku limeneli limatsata dongosolo lomwe mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo manambala asanu ndi limodzi oyambirira amafanana kulikonse. Nambalayo ndi yomwe imasonyeza peresenti ya msonkho. Kenako amalemba chikalata cholengezera katundu, chotchedwa Fomu 12, m'makina a pa kompyuta a ASYCUDA World, omwe anapangidwa ndi nthambi ya United Nations ya UNCTAD. Makinawo amawerengera msonkho ndipo amaika katunduyo mu umodzi mwa mizere yodziwika ndi mitundu. Mzere wobiriwira umatanthauza kuti katundu atuluke popanda kumuyendera, wachikasu kuti maofesala aunike mapepala, wofiira kuti atsegule katunduyo ndi kumuona ndi maso, pomwe wabuluu umatanthauza kuti atuluke koma mabuku a mwini wake adzaunikidwa pambuyo pake. Msonkho ukalipidwa ndipo maofesala akakhutira, amapereka chilolezo chotulutsira katundu.

Chitsanzo cha kawerengedwe

Msonkho suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha. Amaphatikizapo ndalama za thiransipoti ndi inshuwalansi mpaka katunduyo atafika pa boda. Tiyerekeze kuti wamalonda wagula mapoto ku Lusaka pa ndalama zofanana ndi K9,600,000, ndipo thiransipoti ndi inshuwalansi zadya K400,000. Mtengo wowerengerapo msonkho ndi K10,000,000. M'chitsanzochi dyute tiyiyike pa 25 peresenti ndipo VAT pa 16.5 peresenti, mlingo womwe unagwira ntchito kwa zaka zambiri ku Malawi. Ekisaizi, malipiro a ejenti ndi zolipira zina sizinawerengedwe.

Ngati mapotowo anapangidwa ku China, dyute ndi K2,500,000. VAT imawerengedwa dyute ataiphatikiza kale, ndiye kuti pa K12,500,000, ndipo imakwana K2,062,500. Zonse pamodzi ndi K4,562,500. Koma ngati anapangidwa ku Zambia ndipo pali satifiketi ya COMESA, dyute palibe, ndipo VAT ya pa K10,000,000 ndi K1,650,000. Kusiyana kwake ndi K2,912,500 pa katundu wa mtengo umodzimodzi, wogulidwa mumzinda umodzi.

Apa pakuoneka kuti komwe katundu wagulidwa si komwe anapangidwira. Pa malamulo a COMESA, katundu amatengedwa kukhala wa dziko lina ngati anachokera konko kotheratu, monga nyemba zolimidwa kumeneko, kapena ngati anakonzedwa mokwanira m'dzikomo. Umodzi mwa miyeso yake ndi wakuti ntchito yochitikira m'dzikomo ikwane 35 peresenti ya mtengo wopangira katunduyo. Kungolongedzanso katundu wa kunja m'makatoni atsopano sikukwanira.

Zomwe zimavuta

Mkangano wofala ndi wa mtengo. Ofesala akakayikira invoisi, amapempha umboni wina monga malisiti a kubanki, ndipo ngati sakhutira amawerengera msonkho potengera mtengo wa katundu wofanana naye amene analowapo kale. Kulemba mtengo wochepa dala, kapena kupatsa katundu nambala ya msonkho wotsika, ndi mlandu womwe ungachititse kuti munthu alipe chindapusa kapena alandidwe katundu. Ena amagawa katundu wa munthu mmodzi kwa anthu angapo kuti aliyense asapitirire malire a mtengo aja, ndipo maofesala amazindikira izi akaona katundu wofanana m'galimoto imodzi kapena malisiti a manambala otsatizana ochokera m'sitolo imodzi.

Vuto lina ndi la anthu oyendayenda pa boda omwe amadzitcha ma ejenti koma alibe laisensi. Amalandira ndalama imodzi yosagawa n'kudutsitsa katundu m'njira zachidule, pa njinga kapena njinga yamoto. Ejenti weniweni amapereka pepala lochokera m'makina a kasitomu losonyeza msonkho uliwonse paokha, lisiti ya ndalama zolipidwa ku MRA, ndi lisiti ina ya malipiro ake. Mapepalawa amafunikanso m'njira, chifukwa magulu a MRA olimbana ndi kuzembetsa katundu amayendera galimoto ngakhale zitatalikira boda. Ngongole ya msonkho imakhala pa mwini katundu ngakhale wolemba chikalata atakhala ejenti, choncho dzina, kuchuluka ndi mtengo zolembedwa pa Fomu 12 ziyenera kufanana ndi katundu amene ali m'galimoto.

Maboda ena a Malawi

Dongosolo la ejenti ndi lofanana pa maboda ena, koma mapangano a zamalonda amasiyana. Mozambique si membala wa COMESA, ndipo Tanzania inatulukamo mu 2000. Choncho satifiketi ya COMESA sigwira ntchito pa katundu wopangidwa m'mayiko awiriwa, yemwe amalowera pa Mwanza, Dedza kapena Songwe. Katundu wotere, pamodzi ndi wa ku South Africa, amachotseredwa msonkho potsata mapangano ena monga a SADC, omwe ali ndi satifiketi ndi miyeso yawoyawo.