Tsamba limodzi lopempha ndalama za anthu ena

Wogwira ntchito aliyense wolembedwa m'kaundula kuno kwathu amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro kupita ku penshoni, bwana wake n'kuwonjezerapo K10. Ndalamazi sizigona m'bokosi. Makampani oyang'anira thumba la penshoni amakazigulira nyumba zamalonda, amabwereketsa boma, zina amagula masheya. Asanagule masheya a kampani iliyonse, pamakhala munthu amene watha masabata akufufuza kampaniyo, ndipo zonse wapezazo amazipanikiza pa tsamba limodzi lomwe a m'ntchitoyi amangoti memo. Mabwana a thumba amakhala ndi mapepala ambiri oti awerenge pa msonkhano umodzi, choncho tsamba lachiwiri nthawi zambiri silitsegulidwa n'komwe.

Tiyerekeze kuti memo ikukamba za kampani ya masitolo 60 ogulitsa zakudya ndi za m'nyumba, yomwe masheya ake ali pa msika wa ku Johannesburg. Si chimphona ngati Shoprite, komanso si golosale ya pamsika. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti tione mmene ntchitoyi imayendera.

Mzere woyamba suyamba ndi mbiri ya kampani. Umanena pempho: gulani, sheya ili pa R20, tikuona kuti pakatha miyezi 12 ifika R28, ndipo ikani R30 miliyoni. Wolemba amene wabisa pempho lake pansi pa tsamba amakhala ngati mlendo wofuna ngongole amene wayamba ndi kufunsa za mvula. Aliyense akudziwa kuti wabwerera china.

Kenaka pamafunika kuonetsa kumene R28 yachokera. Kampaniyi chaka chatha inapanga phindu la R2.50 pa sheya iliyonse. Wogula pa R20 ndiye kuti akulipira phindu la zaka 8, poti R20 kugawa ndi R2.50 ndi 8. Nambala imeneyi pa makompyuta a msika imalembedwa kuti P/E. Makampani anzake a masitolo akugulidwa pa 11. Wolemba akuyembekeza kuti phindu likwera kufika R2.80, ndipo msika ukazindikira uyamba kulipira 10. R2.80 kuchulukitsa ndi 10 ndiyo R28 ija, phindu la R40 pa R100 iliyonse yoikidwa.

Masamuwa mwana wa Fomu 2 angawakwanitse. Povuta ndi pa funso limene bwana wochenjera amafunsa asanamalize kuwerenga: ngati sheyayi ndi yotchipa chonchi, anthu ena onse a pamsika agona? Wogulitsa pa R20 nayenso ali ndi maso. Memo yabwino imatchula chinthu chimodzi chimene msika walakwitsa. Mwachitsanzo, kampani yangomanga nkhokwe yaikulu yogawira katundu, kwa chaka chimodzi yakhala ikulipira lendi ya nkhokwe ziwiri, yakale ndi yatsopano, ndipo lendi ya yakaleyo ikutha mu Juni. Msika ukuona phindu lofooka n'kumaganiza kuti ndi matenda okhalitsa, pomwe ndi chimfine. Mfundo yotere munthu atha kuitsimikiza. Koma memo yongoti kampaniyi ili ndi atsogoleri abwino ndipo anthu amaikonda, ine ndimaiona ngati chikalata chotsatsa malonda.

Pa bizinesi ya masitolo pali msampha umene umakola ambiri. Kampani imalengeza kuti malonda akwera ndi 15 peresenti, anthu n'kuwomba m'manja. Funsani kuti mwa masitolo 60 aja, angati atsegulidwa chaka chomwechi. Ngati ndi 6, mbali yaikulu ya kukwerako yangochokera ku zitseko zatsopano, zomwe zamangidwa ndi ngongole kapena ndalama za eni masheya. Wofufuza amachotsa atsopanowo n'kuyang'ana masitolo 54 akale okha. Tinene kuti amenewo akwera ndi 7 peresenti. Mitengo ya pa shelefu nayo yakwera ndi 5 peresenti. Ndiye kuti shuga, sopo ndi mafuta ophikira zotuluka pakhomo zangowonjezekera ndi 2 peresenti basi. Kuchoka pa 15 kufika pa 2! Komabe 2 ameneyo ndi weniweni, ndipo akanakhala pansi pa ziro bwenzi tikunena kuti makasitomala akuthawa, kukwera kwa mitengo n'kumene kukubisa manyazi.

Chifukwa chosamalira tinambala tating'ono chonchi n'chakuti wogulitsa zakudya amadya pang'ono kwambiri. Pa R100 yolowa m'thilu, akalipira katundu, antchito, lendi, magetsi ndi zobedwa, mwina amatsala ndi R3. Zolipira zikangokwera ndi R1 yokha, phindu latsika kuchoka pa R3 kufika pa R2, gawo limodzi mwa magawo atatu lapita. N'chifukwa chake memo imayang'ananso masiku amene katundu amakhala asanagulidwe. Akachoka pa masiku 45 kufika pa 60 malonda asanakwere mofanana, dziwani kuti kutsogoloku kuli kutchipitsa katundu kapena kutaya zowonongeka. Chinanso ndi kufananitsa phindu lolembedwa m'mabuku ndi ndalama zenizeni zolowa ku banki. Ziwirizi zikasiyana zaka zingapo motsatizana, pali chomwe sichikunenedwa.

Anzathu a ku Zambia amaidziwa Choppies, kampani ya ku Botswana. Inalowa pa msika wa masheya wa kwawo mu 2012, wa ku Johannesburg mu 2015, ndipo inkatsegula masitolo dziko ndi dziko. Mu 2018 inalephera kutulutsa malipoti a chuma pa nthawi yake, mtengo wa sheya unagwa kwambiri, ndipo misika yonse iwiri inaimitsa kugula ndi kugulitsa masheya ake. Amene anali nawo sakanatha kutuluka mpaka 2020. Kampaniyi inachoka ku South Africa, Kenya, Tanzania ndi Mozambique. Wowerenga chiwerengero cha masitolo okha sakanaona ngozi ikubwera.

Nkhani yotulukayi ndi imene imasiyanitsa kampani yapakatikati ndi zimphona, ndipo olemba achinyamata amaiiwala. R30 miliyoni pa R20 ndi masheya 1.5 miliyoni. Ngati pa tsiku pamsika pamagulitsidwa masheya 100,000 okha a kampaniyi, thumba silingatenge onse popanda kukweza lokha mtengo. Likamatenga 20,000 pa tsiku, lidzatha masiku 75 a malonda, miyezi yoposa itatu, likugulabe. Tsiku la mavuto khomo lake ndi lomwelo, ndipo aliyense amafuna kutulukira pomwepo.

Pansi pa tsamba pamabwera gawo limene limaonetsa ngati wolemba ndi woona mtima. Zinthu zikavuta, phindu litatsika kufika R2.00, msika n'kumangolipira 7, sheya ikhala R14. Ndiye kuti thumba likuika pa chiswe R6 pofuna kupata R8. Mabwana ena anganene kuti mpatawo ndi wochepa, ndipo sangalakwe. Wolemba amawonjeza chizindikiro chogulitsira: malonda a masitolo akale akakhala pansi pa kukwera kwa mitengo m'malipoti awiri otsatizana, kapena malipoti akachedwa kutuluka, tigulitse osadikira kufotokozeredwa. Amalemba izi lero, mutu uli wozizira, chifukwa munthu akagula kale chinthu amachiikira kumbuyo. Amanenanso ngati iye mwini ali ndi masheya m'kampaniyo.

Pomaliza amalemba tsiku ndi dzina lake. Pakatha miyezi 12 pepala lomwelo limatulutsidwa m'fayilo, n'kuliika pambali pa mtengo wa tsikulo.