Denga Limaulula Zambiri za Nyumba pa Chithunzi

Mpatseni mmisiri wa madenga chithunzi cha nyumba, muona maso ake akuthamangira kumwamba asanayang'ane utoto kapena maluwa a pabwalo. Chimene akufuna ndi msana wa denga, mzere wapamwamba pomwe malata a mbali ziwiri amakumana.

Msanawo ukatalika mofanana ndi m'mphepete mwa denga mmene madzi amagwera, ndiye kuti ndi denga la gebulo: limatsetsereka mbali ziwiri zokha, ndipo kumapeto khoma limakwera mosongoka mpaka kukagunda msana. Sukulu zambiri za pulayimale zinafoleredwa motere. Koma msana ukafupika, makona a denga n'kumatsika chopendama, dengalo limatsetsereka mbali zonse zinayi ndipo khoma losongoka palibe. Lotereli limadya matabwa ambiri ndi malata odulidwa, komabe mphepo yamkuntho imavutika kulisasula chifukwa imasowa pogwira. N'chifukwa chake wojambula wodziwa amaima chapakona kuti mbali ziwiri zituluke, poti akaima kutsogolo kwenikweni, mtengo umodzi wa mango ungabise nsonga za msana, wina n'kulakwitsa.

Chithunzi chimanamizanso. Masitolo akale a ku Limbe ali ndi khoma lakutsogolo lopitirira denga, moti munthu angalumbire kuti pamwamba pake ndi pafulati. Kuseri kwake kuli malata otsetsereka, ndipo chimawaulula ndi paipi yotsitsa madzi a mvula m'mbali mwa khomalo.

Akathana ndi denga, amatsikira ku khonde. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ili ndi khonde lalikulu pansi ndi pamwamba pomwe, denga litatambalala kuliphimba. Amenewa ndi mamangidwe a nthawi ya atsamunda: khonde linkatchinga dzuwa, komanso linkateteza makoma a njerwa zosawotcha kuti mvula isawanyowetse. Malata okha sayenera kukhulupiriridwa pa nkhani ya zaka, chifukwa nyumba yakale imatha kufoleredwanso kangapo makoma ali omwewo.

Pali nyumba zina zokana dzina limodzi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo zojambula mapulani. Pachithunzi pamaoneka nsanja ziwiri kutsogolo, denga lobulungira ngati mphika wovundikira, ndi njerwa zoumbidwa m'zikombole zosiyanasiyana. Mazenera opindika mozungulira pamwamba ndi chizindikiro cha kamangidwe ka Chiroma, pamene denga la mphikalo limakumbutsa matchalitchi a ku Bizantiyamu. Wolemba za chithunzi chotere amachita bwino kutchula chigawo chilichonse pachokha, kuyambira pa nsanja mpaka pa chitseko.