Kutola Mawu Pakamwa pa Mwini Chiyankhulo

Lembani mawu akuti "mtengo" papepala, mumupatse munthu kuti awerenge. Ngati ali wochenjera akufunsani kuti, "Mtengo wake uti, wa mango kapena wa chimanga pa msika?" Papepala malembo ndi amodzimodzi, koma pakamwa pa Mchewa mawu awiriwa ndi osiyana. Ponena mtengo womera m'nkhalango liwu limakwera pa phatikizo la "te", pomwe ponena mtengo wogulira katundu liwu limangoyenda pansi mpaka kumapeto. Kalembedwe kathu sikaonetsa kusiyana kumeneku. Wofuna kukusunga ayenera kupita kwa mwini chiyankhulo, kukhala naye pansi, ndi kujambula mawu ake mosamala.

Ntchito imeneyi ndi ya akatswiri a fonetiki, omwe amafufuza momwe anthu amatulutsira mawu m'kamwa. Komabe mphunzitsi, mtolankhani kapena mdzukulu yemwe akufuna kusunga kayankhulidwe ka agogo ake angathe kuigwira bwino lomwe. Chachikulu n'chakuti zojambulazo zidzathe kuyerekezedwa: mawu awa ndi awo, munthu uyu ndi uyo. Chilichonse chimene chingasokoneze kuyerekezako chiyenera kuchotsedwa musanayatse makina.

Ntchito imayamba ndi mndandanda. Pali mindandanda yokonzedwa kale, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa Morris Swadesh wa ku America, yemwe m'zaka za m'ma 1950 anasonkhanitsa mawu opezeka pafupifupi m'chiyankhulo chilichonse, monga madzi, moto, diso, dzuwa ndi galu. Ulipo wa mawu 100, ulipo wina wa mawu pafupifupi 200. Ndi wabwino poyambira pa chiyankhulo chimene simukuchidziwa, koma anaupanga n'cholinga choyerekeza ubale wa ziyankhulo, osati kufufuza katchulidwe. Wofufuza katchulidwe amaugwiritsa ntchito tsiku loyamba kuti makutu azolowere, kenako amapanga mndandanda wakewake, waufupi, wa mawu oyenda awiriawiri omwe amasiyana pa chinthu chimodzi chokha.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tinene kuti mukupita kumudzi wina ku Dedza kukajambula mayi wachikulire yemwe anabadwira ndi kukulira komweko. Mukufuna kudziwa zinthu zitatu. Choyamba, kukwera ndi kutsika kwa liwu: apa muli ndi mitengo iwiri ija. Chachiwiri, kampweya kamene kamatsatira "ph", "th" ndi "kh": apa muli ndi kuponya mwala ndi kuphonya mbalame. Chachitatu, liwu lija lolembedwa "ŵ", lomwe olemba ambiri masiku ano analisiya koma akuluakulu ena a m'chigawo chapakati amalisiyanitsabe ndi "w" wamba: apa muli ndi kudziŵa, kuloŵa ndi maŵa, kuyerekeza ndi kuuwa kwa galu. Mukawonjezera mawu ena a mtundu womwewo mufika pa mawu 30, ndipo amenewa akwanira tsiku limodzi.

Tsopano pamene ambiri amagwa ndi pa kafunsidwe. Pepalalo ndi lanu, musawapatse mayiwo. Munthu akamawerenga amatsata malembo ndipo amayankhula Chichewa cha m'kalasi. Akaona "w" papepala atchula "w" ngakhale kuti pa mtondo amatchula "ŵ". Musatchulenso inuyo mawuwo kuti iwo abwereze, chifukwa mwaulemu wathu adzangotsanzira katchulidwe ka mlendo, ndiye mudzabwerako ndi mawu anu omwe m'liwu la munthu wina. Lozani chinthucho, onetsani chithunzi, kapena zungulirani ndi funso: "Agogo, kodi chija chili pabwalo apo, chobala mango, mumachitcha chiyani?" Akayankha, funsaninso: "Nanga mukafika pa msika musanagule nsomba, mumayamba mwafunsa chiyani?" Mafunso otere muwakonzeretu kunyumba, chifukwa kuwaganizira makina akuyenda kumatayitsa nthawi ndipo kumakupangitsani kutchula mawu omwe mumafuna kubisa aja.

Nthawi zina adzakupatsani mawu amene simunawayembekezere. Mukaloza mtengo akhoza kunena kuti "mmango". Alembeni, ndi phindu limenelo, kenako mufunse dzina limene limakuta mitengo yonse. Musawakonze, ndipo musakwinye nkhope. Munthu akaona ngati akulemba mayeso amayamba kuyankhula mosamala mopitirira, ndipo zimene munadzera zimathawa.

Gawo loyambali lichitike makina asanayatsidwe, kapena akuyenda koma inu mukudziwa kuti uku n'kukonzekera chabe. Mvetserani, yang'anani milomo yawo, lembani m'kope ndi cholembera, yesani kutchula nokha pambuyo pake kuti akuuzeni ngati mwakhoza. Pa "ŵ" milomo siizungulira ngati pa "w", imangoyandikana ili yambalambanda, ndipo zimenezi makina ojambulira mawu sangakuonetseni, ndi maso anu okha. Mukamvana pa mawu onse 30, ndiye muyambe kujambula kwenikweni.

Apa pali msampha wina umene umabisala kwambiri. Munthu akamatchula mawu motsatizana, liwu lake limakwera pa mawu aliwonse ngati akunena kuti "ndikupitiriza", ndipo pa mawu otsiriza limagwa. Mvetserani mwana akamatchula zimene amutuma kukagula ku golosale, mumva zimenezi. Ngati mtengo wa pa msika wagwera pakati pa mndandanda, ndipo mtengo wa mango uli kumapeto, mudzayeza kukwera ndi kugwa kwa mndandanda n'kumaganiza kuti mwayeza mawuwo. M'Chichewa mulinso china: phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika mawu akakhala pothera chiganizo. Mawu otchulidwa paokha amakhala pothera nthawi zonse, choncho "te" wa mu "mtengo" amamveka wautali, pomwe pakati pa chiganizo amafupika.

Mankhwala ake ndi kuika mawu onse m'chiganizo chimodzimodzi chosasintha, monga "Nenani mtengo kawiri", "Nenani kuponya kawiri", "Nenani kuphonya kawiri". Potero mawu onse amakhala ndi anzawo omwewo kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndimalimbikitsa kujambula njira zonse ziwiri, paokha ndi m'chiganizo, chifukwa kusiyana kwa ziwirizi n'kophunzitsa: mwa olankhula ena liwu lokwera pa "te" limafalikira pa "ngo" mawuwo akakhala pakati pa chiganizo. Mawu aliwonse atchulidwe katatu, koma osati katatu motsatizana. Dutsani mndandanda wonse, sinthani ndondomeko yake, mudutsenso, kenako kachitatu. Mawu oyenda awiriawiri aja muwatalikitse, chifukwa akayandikana munthu amazindikira zimene mukufuna n'kuyamba kukokomeza kusiyanako. Koyambirira ndi kumapeto ikaniko mawu awiri kapena atatu omwe simukuwafuna, kuti kuzizira koyambira ndi kugwa kotsiriza kugwere pa iwowo. Mawu 30 katatu ndi matchulidwe 90, ntchito yosafika theka la ola ngakhale mutapumira pakati. Musapitirire ola limodzi. Liwu la munthu wotopa limatsika ndi kusasa, ndipo madzi akumwa akhale pafupi.

Za makina sizifuna ndalama zambiri, zimafuna khutu. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, ndipo mtunda wake usamasinthe. Yabwino ndi yovala kumutu, yomwe imakhala masentimita awiri kapena atatu kuchokera pa ngodya ya milomo, chifukwa mayiwo akatembenuka imatembenuka nawo. Ikhale chapambali, osati kutsogolo kwenikweni: kampweya ka "ph" mu "kuphonya" kakaomba maikolofoni mwachindunji kamamveka ngati kuphulika, n'kuphimba chinthu chimene mumafuna kuyeza. Ngati muli ndi foni yokha, iikeni pa nsalu yopindidwa pa tebulo, pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa, muzimitse netiweki, ndipo musaigwire m'manja.

Jambulani mu fayilo ya mtundu wa WAV, pa 44.1 kHz ndi 16 bit kapena kuposa apo. Mitundu ngati MP3 ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp imataya mbali zina za mawu kuti fayilo ichepe, ndipo zotayikazo sizibwereranso. Malo si vuto: mphindi imodzi ya WAV yotere, ya maikolofoni imodzi, imadya pafupifupi 5 MB. Zimitsani chilichonse chimene chimadzikwezera chokha mphamvu ya mawu kapena kuchotsa phokoso chokha. Pa kachizindikiro koonetsa mphamvu, mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB. Akagunda pa 0 dB nsonga za mawu zimadulidwa, amamveka mothetheka, ndipo palibe kompyuta ingawakonze.

Malo ojambulira muwasankhe mutavala mahedifoni, chifukwa khutu lathu limaiwala phokoso lozolowereka pomwe makina saiwala. Tambala, chigayo chakutali, wailesi ya oyandikana nawo, malata akulira ndi dzuwa la masana, zonse zimalowa. Kalasi kapena tchalitchi chopanda anthu chimaoneka chabata koma makoma ake amabweza mawu. Ombani m'manja kamodzi, mukamva kulira kotsalira tulukanimo. Nyumba yaing'ono yofolera udzu, yokhala ndi mphasa, zovala ndi matumba a chimanga, nthawi zambiri imaposa ofesi ya simenti. Chenjeraninso ndi firiji ndi mawaya a magetsi. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo kung'ung'udza kwake kumamvekanso pa 100 ndi 150 Hz, momwe mumadutsa liwu la amuna ambiri, choncho kumasokoneza kuyeza kukwera kwa liwu. Gwiritsani ntchito mabatire, mutenge ndi ena apadera.

Mukayatsa makina, yambani ndi kunena tsiku, malo, chiyankhulo ndi mndandanda umene mukujambula. Kenako mayiwo anene ndi pakamwa pawo kuti avomera, atamva bwino kumene mawu awo akupita, amene adzawamve, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana dzina lawo kutchulidwa. M'kope lembani zaka zawo, kumene anakulira, chiyankhulo cha makolo awo, ziyankhulo zina zimene amadziwa, ngakhalenso ngati mano akutsogolo alipo, poti amakhudza katchulidwe ka "s" ndi "f". Jambulani mawu asanu, imani, mumvetsere. Galimoto ikadutsa kapena wina akaodira pakhomo, dikirani mubwereze mawuwo pomwepo. Ndipo inu khalani chete iwo akamatchula. "Eya" wathu wovomereza uja akagwera pamwamba pa mawu awo, sachotsekanso.

Madzulo omwewo koperani fayilo m'malo awiri osiyana, muipatse dzina lomveka lopanda dzina la munthu, monga `Dedza_mayi01_mndandanda1.wav`. Mukaitsegula mu pulogalamu yaulere ya Praat, yomwe anapanga Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam, muona ngati mwagwira ntchito. Mu "kuphonya" mudzaona kampata ka mpweya pakati pa kutseguka kwa milomo ndi kuyamba kwa "o", pomwe mu "kuponya" kampatako kadzakhala kakang'ono kwambiri. Mzere wa liwu udzakwera pa "te" wa mtengo wa mango katatu konse. Ukakwera kamodzi kokha, bwererani mukafunsenso musanalembe kalikonse.

Mayi mmodzi si Dedza yonse. Peter Ladefoged, yemwe anajambula ziyankhulo zambiri m'maiko osiyanasiyana ndi kulemba buku la ntchitoyi mu 2003, ankalangiza kujambula amuna pafupifupi asanu ndi mmodzi ndi akazi chimodzimodzi musananene kanthu za chiyankhulo chonse. Pa nkhani ya "ŵ" muwonjezere achinyamata a m'mudzi womwewo, kuti muone ngati liwulo likupitirira kapena likuthera mwa agogo awo. Aliyense mumulipire nthawi imene wasiya kumunda, pa mtengo womwe mwagwirizana musanayambe, ndipo mukabwereranso mutengere banja lililonse kope la mawu a munthu wawo.