Seva yamoyo, koma aiwerengera kwa akufa

Webusaiti ya sitolo kapena ya banki imene anthu ambirimbiri amalowapo nthawi imodzi sikhala pa kompyuta imodzi. Kuseri kwake kumakhala makompyuta angapo otchedwa maseva, onse ogwira ntchito yofanana, ndipo kutsogolo kwawo kumaima chipangizo kapena pulogalamu yotchedwa lodibalansa. Ntchito yake ndi kulandira aliyense wobwera ndi kumutumiza ku seva imene ili ndi mpata. Kuti isatumize munthu ku seva yakufa, lodibalansa imayeza seva iliyonse pafupipafupi poitumizira kafunso kakang'ono. Seva ikayankha bwino imapatsidwabe anthu. Ikalephera kangapo motsatizana, imachotsedwa pa mndandanda.

Vuto limabwera pamene seva ili bwinobwino, ikutha kutumikira makasitomala, koma lodibalansa ikuti yafa. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukazimitsa seva n'kuiyatsanso, ndipo palibe chimene chimasintha. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala m'funsolo: lodibalansa ikufunsa mosiyana ndi mmene kasitomala weniweni amafunsira. Zili ngati kapitawo amene akugogoda pakhomo la kuseri, lomwe silitsegulidwa, n'kulemba m'buku kuti antchito sanabwere, pamene iwo ali m'kati akugwira ntchito.

Tiyeni titenge chitsanzo cha HAProxy, pulogalamu yaulere imene ambiri amagwiritsa ntchito ngati lodibalansa. Tiyerekeze kuti kuseri kwake kuli maseva atatu a sitolo ya pa intaneti, iliyonse ili ndi nginx. Wosamalira makinawa walemba mzere woti `option httpchk`, osawonjezerapo kanthu. Mzere umenewu ukakhala wokha, HAProxy imatumiza funso ili: `OPTIONS / HTTP/1.0`. Ngati simunasinthe kalikonse, imafunsa pa masekondi 2 aliwonse, imachotsa seva ikalephera katatu motsatizana, ndipo imaibwezera ikapambana kawiri. Choncho m'masekondi pafupifupi 6 maseva onse atatu akhoza kulembedwa `DOWN`, ndipo aliyense wolowa pa webusaitiyo amangolandira uthenga wa 503, wosonyeza kuti palibe seva yomutumikira.

Funsoli lili ndi zinthu ziwiri zimene foni ya kasitomala sichita. Choyamba, foni ikafuna tsamba imanena `GET`, pamene apa panenedwa `OPTIONS`, ndipo nginx ikafunsidwa motero pa tsamba wamba losungidwa ngati fayilo imayankha 405, kutanthauza kuti kafunsidwe kameneka sikaloledwa pano. Chachiwiri, foni imatchula dzina la webusaiti imene ikufuna, mu mzere wotchedwa `Host`. Funso la HAProxy dzinali lilibe. Seva imodzi ikhoza kusunga mawebusaiti angapo, ndiye nginx ikapanda kuuzidwa dzina imapereka funsolo ku webusaiti imene inaikidwa kuti izilandira zosadziwika mwini, imene mwina si ya sitoloyo n'komwe. HAProxy imavomereza mayankho a m'gulu la 200 ndi la 300 okha. Ikaona 405 kapena 404 imati seva yadwala.

Chosangalatsa n'choti lodibalansa sibisa chifukwa chake. Pa tsamba lake la ziwerengero, seva iliyonse imakhala ndi kachidule kosonyeza mmene kuyeza komaliza kunathera, ndipo kuwerenga kachiduleka ndi theka la ntchito. `L4CON` ndi `L4TOUT` zikutanthauza kuti kulumikizana kwenikweniko kwakanika: mwina nambala ya poti ndi yolakwika, mwina fayawolo ikutsekereza lodibalansa. `L7TOUT` ikutanthauza kuti seva yalandira funso koma yachedwa kuyankha. `L7STS` ikutanthauza kuti seva yayankha, koma nambala ya yankho si imene imayembekezeka. Ukaona `L7STS/405`, dziwa kuti seva ndi yamoyo, pakuti yakufa siyankha.

Kuti utsimikize, funsa sevayo ndendende mmene lodibalansa ikufunsira, uli pa kompyuta ya lodibalansayo. Kuyesa uli pa laputopu yako kumanamiza, chifukwa njira yake ndi ina, ndipo kafunsidwe kake ndi ka kasitomala.

```
curl -i -0 -X OPTIONS -H "Host:" http://10.0.0.11/
```

Lamuloli likugwiritsa ntchito HTTP/1.0 ndipo lachotsa mzere wa `Host`. Likabweza 405, vuto walipeza. Kulikonza kwake ndi kupatsa lodibalansa funso loyenera. Pa HAProxy 2.2 ndi zatsopano kuposa apo, amalemba motere:

```
option httpchk
http-check send meth GET uri /healthz ver HTTP/1.1 hdr Host sitolo.example
http-check expect status 200
```

Mzere womalizawo ndi wofunika kuposa mmene ukuonekera. Popanda iwo, seva imene ikungolozera aliyense kwina ndi 301 kapena 302 imaoneka yathanzi ngakhale pulogalamu ya sitolo itafa kalekale. Ena akatopa amakulitsa mndandanda wa mayankho ovomerezeka kuti 404 ndi 405 nazo zizilowa. Magetsi ofiira amasanduka obiriwira, inde, koma kuyezako kumakhala kwatha ntchito. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kudzinamiza koopsa kuposa vuto loyamba lija.

Pali mtundu wina wa vutoli umene umabwera anthu akachuluka, monga kumapeto kwa mwezi malipiro akalowa. Seva imakhala yotanganidwa, kafunso koyeza kaja kamaima pamzere limodzi ndi makasitomala, yankho n'kufika mochedwa. Pa HAProxy, ngati simunaike `timeout check`, nthawi yodikira yankho imakhala yomweyo ya pakati pa mafunso, masekondi 2 aja. Tsono taganizani: maseva atatu, iliyonse ikugwira 70 peresenti ya mphamvu zake. Imodzi ikachotsedwa chifukwa chochedwa, katundu wake amagwera awiri otsalawo, iliyonse n'kufika pa 105 peresenti. Nayonso imayamba kuchedwa, n'kuchotsedwa. Yoyamba ija, popeza yapuma, imayankha msanga n'kubwezedwa, kenako n'kukwiriridwanso. Chizindikiro chake ndi `L7TOUT` pamodzi ndi maseva amene akungosinthana `UP` ndi `DOWN`. Apa lodibalansa yasandutsa kuchedwa pang'ono kukhala kugwa kwa webusaiti yonse.

Kuwonjezera nthawi kumathandiza, mwachitsanzo `timeout check 5s` ndi `inter 5s`, koma kuli ndi mtengo wake: seva ikafadi, lodibalansa idzachedwa kuzindikira, masekondi 15 kapena kuposerapo, ndipo m'nthawi imeneyo anthu ena adzatumizidwa kumene kulibe wowayankha. Nambala yoyenera imachokera pa kuona nthawi imene seva zanu zimatenga kuyankha pa ola lotanganidwa kwambiri, n'kuwonjezerapo pang'ono.

Chachikulu kwambiri ndi zimene tsamba la `/healthz` limachita likafunsidwa. Olemba mapulogalamu ambiri amaliuza kuti liziyezanso detabesi, makina olipirira ndi zina zonse, poganiza kuti akusamala. Koma ngati maseva onse atatu amadalira detabesi imodzi, detabesiyo ikangochedwa pang'ono onse amalephera pamodzi, ndipo masamba amene sanafune detabesi n'komwe amatsekeka nawo. Lodibalansa ili ndi chosankha chimodzi chokha: kutumiza munthu ku seva iyi kapena inayo. Tsamba loyezera liziyankha funso lokhalo, loti seva iyi payokha ikutha kutumikira kapena ayi, ndipo likhale lopepuka, losafuna kuti munthu alowe ndi pasiwedi. Za detabesi ziyezedwe padera, ndi pulogalamu imene imadzutsa munthu, osati imene imachotsa maseva.

Choncho inu amene mumasamalira makinawa, lodibalansa ikakuuzani kuti seva yafa, musanaizimitse werengani kaye kachidule kaja, ndipo tumizani funso lomwelo ndi dzanja lanu muone yankho limene likubwera.